Chala chachikulu chikhale pati? Zomwe ndaphunzira pa botolo la chiponde

Achemwali anga amapanga chiponde ku Area 25, mtedza amakatenga ku Mchinji, ndipo mwezi watha anandigwira kuti popeza ine ndimangokhalira pa laputopu ndiwapangire chithunzi chotsatsira malonda. Amafuna chinthu chimodzi basi, dzanja la munthu litagwira botolo, lebulo ikuoneka. Ine ndakhala ndikudziphunzitsa kugwiritsa ntchito mapulogalamu aja opanga zithunzi ukangolemba mawu, nde ndinati ntchito ya mphindi 10 imeneyo. Inanditengera masiku atatu ndi bandulo yonse ya sabata.

Poyamba ndinalemba mwachidule chonchi, ndipo ndimalemba mu Chingerezi chifukwa ndi chomwe makinawa amamva bwino:

```
a Malawian woman's hand holding a 400g jar of peanut butter, realistic photo
```

Zala zinatuluka zisanu bwinobwino, moti ndinasangalala ndikutumiza pompo. Achemwali anayankha kuti, "Iwe, kameneka ndi kabotolo ka mafuta odzola pamilomo kapena? Anthu aziti ndachepetsa botolo koma mtengo ndi omwewo." Nditayang'ananso ndinaona kuti akunena zoona. Dzanja linali litazungulira botolo lonse, chala chachikulu chikukhudzana ndi chapakati ngati munthu wagwira mpini wa khasu. Chithunzi china chinatuluka mosemphana, botolo lalikulu ngati chigubu koma lagwiridwa ndi nsonga za zala, lopepuka ngati mulibe kanthu.

Apa mpomwe ndinamvetsa kuti 400g yomwe ndinalemba ija sinagwire ntchito. Makinawa alibe sikelo kapena tepi mkati mwake, anaphunzira poona zithunzi zambirimbiri ndi mawu olembedwa pambali pake, ndipo chithunzi sichinena masentimita. Munthunso akamaona chithunzi sayeza, amangoyerekeza chinthucho ndi chomwe akuchidziwa kale, ndipo pa chithunzi chotere chomwe akuchidziwa ndi dzanja. Ndiye kukula kwa botolo kuyenera kulembedwa m'chinenero cha dzanja: zala zikufika pati, zikuphimba mbali yaikulu bwanji, chatsala poyera n'chiyani.

Ndinapita kukabwereka tepi kwa atelala apafupi ndi kwathu ku Kawale ndikuyeza botolo lenileni. Kutalika masentimita 11 pamodzi ndi chivindikiro, m'mimba mwake 7.5. Ukachulukitsa 7.5 ndi 3.14 umapeza kuti kuzungulira botolo ndi masentimita pafupifupi 23.5. Kenako ndinaligwira ndi dzanja langa mmene ndimagwirira ndikamatenga pa shelefu, ndikuyeza mpata otsala pakati pa nsonga ya chala chachikulu ndi nsonga ya chapakati, unali masentimita 4 ndi pang'ono. Kutanthauza kuti pa botolo ili zala sizingakumane ngakhale utafinya bwanji, ndipo chithunzi chilichonse chomwe zakumana chikunama, chikuuza oonera kuti botololo ndi lowonda ngati masentimita 5 kapena 6. Ndinayezanso zala zinayi zija zitagundana, kuchokera ku chamkombaphala kufika ku kakang'ono, zinakwana 7.5. Pa botolo la 11 ndiye kuti dzanja likuphimba magawo awiri mwa atatu, chivindikiro chonse chikhale pamwamba pa chamkombaphala. Manambala amenewa sindinawalembe mu pulogalamu ayi, anangondithandiza kudziwa choti ndifotokoze komanso choti ndikayang'ane chithunzi chikatuluka.

Ndikuwerenga za kagwiridwe ndinakumana ndi dotolo wina wa ku Britain, John Napier, yemwe mu 1956 analemba kuti kagwiridwe ka dzanja la munthu kali m'magulu awiri akuluakulu. Kwina ndi kofumbata, chinthu chimatsamira pachikhatho zala n'kuchikulunga, ngati nyundo kapena mpini. Kwina ndi kwa nsonga, chinthu chili pakati pa chala chachikulu ndi nsonga za zinazo osakhudza chikhatho, ngati singano kapena ndalama yachitsulo. Chimene chinandithandiza n'choti kagwiridwe kamanena kulemera. Botolo lodzadza chiponde munthu amalifumbata, ukaona lagwiridwa ndi nsonga ubongo umangoti ndi lopanda kanthu kapena ndi kakang'ono. Chigubu chopepuka chija vuto lake linali limeneli.

Koma chomwe chinandidya nthawi kwambiri ndi chala chachikulu. Ndimafuna munthu ayang'ane kamera, agwire botolo patsogolo pa chifuwa, lebulo ioneke yonse. Ndinayesa kambirimbiri, nthawi zonse pamatuluka chachilendo, pena dzanja lopindika ngati lathyoka, pena zala zinayi mbali iyi ndi zinanso zitatu mbali inayo, pena dzanja lamanzere pa mkono wamanja. Ndimangotukwana makina mpaka nditaima pa galasi la kubafa ndi botolo m'manja. Tayesani nanunso ndi kapu. Ukagwira mwachibadwa, chala chachikulu chimakhala mbali yako, zala zinayi zimapita kutsogolo, mbali yomwe kuli okuyang'anayo. Ndiye ngati kamera ili patsogolo pako, zala zinayi zija zili pa lebulo penipeni. Ine ndimapempha zinthu ziwiri zotsutsana, kagwiridwe kachibadwa ndi lebulo yosaphimbika, makinawo pofuna kukwaniritsa zonse nkumapinda mafupa.

Njira zotulukira zilipo. Munthu atha kutambasula mkono kulozetsa botolo ku kamera, apo chala chachikulu chimaoneka m'mphepete mbali imodzi, nsonga za zinazo mbali inayo, koma zimaoneka zoyeserera, komanso botolo limakula kuposa nkhope chifukwa layandikira kamera. Atha kulikhazika pachikhatho ngati pa mbale. Ine ndinasankha kusuntha kamera, ikhale ngati maso a mwini dzanja, ikuyang'ana kuchokera paphewa. Pamenepo chala chachikulu chokha ndi chomwe chili kutsogolo, zinayi zija zabisala kuseri, nsonga zake zikungosuzumira m'mphepete. Zala zoti makina ajambule zachepa, mpata olakwitsa wachepanso. Ndinasiyanso maganizo oika dzanja lachiwiri likutsegula chivindikiro, manja awiri ogundana ndi pomwe zala zimasakanikirana kwambiri.

Zomwe ndinalemba pomaliza ndi izi:

```
over-the-shoulder view, right hand of a dark-skinned adult woman gripping
a full jar of peanut butter, palm against the right side of the jar,
thumb resting low on the front, four fingers wrapped behind, only the
fingertips visible at the left edge, lid fully above the index finger,
thumb pad pressed flat, soft contact shadow, 50mm lens
```

Muona kuti ndatchula dzanja lake kuti ndi lamanja, ndi mbali yomwe chikhatho chili. Ukapanda kutchula, makina amasankha okha ndipo nthawi zina amasankha zonse ziwiri pakamodzi. Mawu onena za chivindikiro aja ndiwo akugwira ntchito ya tepi. Za 50mm ndinaziika chifukwa kamera ya foni imakhala yotambalala, ukayandikitsa chinthu chakutsogolo chimafufuma, ndipo makinawa anaphunziranso zithunzi zoterozo, nde ndimafuna ndiwakokere ku maonekedwe a kamera yoima patali pang'ono.

Mbali ya kufinyika kwa chala ija ndinaiphunzira mochedwa. Panali chithunzi china chomwe zonse zinali m'malo mwake koma chimaonekabe ngati botolo analimata pamwamba pa dzanja. Nditayang'ana dzanja langa ndinaona kuti nyama ya kunsonga kwa chala imaphwatalala ikakanikiza pulasitiki, ndipo pomwe khungu lakhudza botolo pamakhala kamthunzi kakuda kopyapyala. Pa chithunzi chija chala chinali chozungulira bwinobwino ngati sichikukhudza kanthu, kamthunzi kalibe. Ndi tinthu tating'ono koma diso limatiwona ngakhale mwini wake sangathe kunena chomwe chalakwika.

China chomwe anzathu akunja sachitchula kawirikawiri ndi khungu. Dzanja la munthu wakuda silikhala mtundu umodzi, kuseri ndi kwakuda, chikhatho ndi mkati mwa zala n'zoyererako, ndipo pamfundo pamakhala podera kuposa pena. Zithunzi zingapo zinatuluka dzanja lonse lili bulauni imodzimodzi ngati chidole cha mu shopu ya zovala. Pa kaimidwe kanga nsonga zosuzumira kumanzere zija zikuonetsa mkati mwa zala, ndiye zimayenera kukhala zoyererako, ndinachita kuwonjezera `lighter skin on the finger pads` kuti zikhale bwino. Zikhadabo nazo zimangobwera zazitali zopaka utoto osapempha, achemwali anakana, akuti ogula chakudya safuna kuona zimenezo, nde ndinawonjezeranso `short natural nails`.

Ngakhale ndi zonsezi, mwa zithunzi 8 zomwe ndinatulutsa ndi mawu omalizawa zabwino zinali zitatu. Mawu amangokankhira makina mbali yomwe ukufuna, sawamanga. Pano ndili ndi kachizolowezi koyang'ana. Ndimakulitsa chithunzi ndikuwerenga nsonga za zala, kenako mfundo, poti chala chachikulu chili ndi mafupa awiri pomwe zinazo ali atatu, ndipo makina amakonda kuchipatsa chachikulu mfundo yowonjezera n'kukhala ngati chamkombaphala chachiwiri. Kenako ndimatsata m'mphepete mwa botolo kuchokera pamwamba pa dzanja mpaka pansi pake, ngati mzerewo sukulumikizana ndiye kuti botolo lapindika kuseri kwa zala kapena chala chamira mu pulasitiki. Chomaliza ndimatenga botolo lenileni ndikuyesa kuligwira chimodzimodzi, dzanja langa likakana kapena likapweteka chithunzicho ndimachitaya.

Chomwe ndinasankha chinali ndi nsonga zisanu kumanzere m'malo mwa zinayi. Sindinayambirenso, ndinagwiritsa ntchito `inpaint`, kupaka kadera kolakwika kokhako kuti makina akajambulenso, ndipo ndinapeza kuti ukapaka chala chokhacho chimabweranso, umayenera kupaka ndi m'mphepete mwa botolo momwe kuti pakhale pomangira. Lebulo sindinawasiyire makina, zilembo amazisokoneza, ndinajambula yeniyeni ndi foni ndikuimata pamwamba, kuipinda pang'ono kuti itsate botolo, kenako kufufuta kakona komwe chala chachikulu chikuyenera kuphimba.

Nditawaonetsa achemwali anatenga botolo lawo, kuligwira pafupi ndi sikirini, kuyang'ana uku ndi uku. Anati kukula kwake ndi komweko. Kenako anafunsa kuti nanga bwanji sindinangojambula dzanja lawo ndi foni tsiku loyamba lomwe lija, ndipo ine yankho ndinalibe. Za botolo la uchi lomwe akufuna sabata ya mawa ndiyambira pomwepo, kujambula dzanja lawo litagwira botolo pa khonde m'mawa dzuwa lisanawawe, makina ndiwapatse chithunzicho angosintha kumbuyo kokha.