Maluko a K40,000 amene anatidyera Loweruka lonse

Sabata yathayi mu saluni yathu tinaika kope pakauntala, ndipo kasitomala aliyense akakhala pampando timalemba nthawi imene manja ayamba kugwira mutu, nthawi imene amaliza, amene agwira ntchitoyo, ndi zipangizo zimene zatha. Atsikana anadandaula poyamba kuti tikuwayesa ngati ana asukulu, koma pofika Lachitatu anali atazolowera. Lolemba mpaka Lachinayi kunalibe chachilendo. Anthu amabwera mmodzimmodzi, magetsi anazima Lachiwiri masana, ndipo shampu inatha Lachinayi chifukwa eni saluni sanatulutse ndalama yooda nthawi yake, monga mwa masiku onse.

Tisanafike pa Loweruka, pali nambala imodzi imene ambiri a ife sitiidziwa: ola limodzi la manja limatidyera zingati. Kwathu lendi, malipiro a atsikana anayi, madzi, magetsi ounikira ndi mlonda zimakwana K900,000 pamwezi. Atsikanawo amakhala pantchito maola 9 patsiku kwa masiku 26, ndiye onse pamodzi ndi maola 936. Koma wogawa ndalamayo ndi 936 akudzinamiza, chifukwa pafupifupi theka la nthawiyo amakhala akudikira anthu, akusesa kapena akuchapa matawulo. Maola amene manja ali pamutu wa munthu ndi pafupifupi 450, choncho ola lililonse liyenera kubweretsa K2,000 kuti tingobweza zolipira. Ntchito imene ikusiya ndalama yochepera apo ikudalira zinzake.

Kawerengedwe ka ntchito iliyonse n'kosavuta. Pa mtengo umene kasitomala walipira chotsanipo zonse zimene zathera pamutu pakepo, zotsalazo mugawe ndi maola. Ngati agwira anthu awiri, maolawo ndi owirikiza. Kutsuka ndi kuumitsa timalipiritsa K7,000; shampu, mafuta ndi magetsi a dilaya zimatenga K1,500, kutsala K5,500. Manja amagwira mphindi 45 zokha, pakuti munthu akalowa mudilaya mtsikana amapita pamutu wina, ndiye paola zimafika K7,300. Kuika mankhwala owongola tsitsi ndi K15,000, mankhwalawo ndi zina K6,000, ola ndi theka, paola K6,000. Kuluka mizere popanda meshi ndi K8,000, mafuta K500, ola ndi theka, paola K5,000. Zonsezi zili pamwamba pa mzere wa K2,000.

Tsono Loweruka. Cha m'ma 8 koloko m'mawa kunabwera mayi wina, mnzawo wa eni saluni, wofuna maluko ang'onoang'ono aja ofika m'chiuno. Pachikwangwani chathu ndi K40,000, meshi yathu. Ndinapempha kuti tiwapatse Lachiwiri, koma foni inalira, mawu a eni saluni n'kukhala akuti ayambidwe pompo, ndipo aluke awiri kuti zifulumire. Anawaluka awiri amene ali ndi manja opepuka kuposa onse, kuyambira 8 koloko mpaka 3 koloko masana, osapuma ngakhale kukadya. Pofika masana zala za mmodzi zinali zitatupa, akuzitambasula pansi pa epuloni kuti kasitomala asaone. Meshi inapita mapaketi asanu a K3,000, mafuta ndi madzi otentha omangira nsonga K1,000. Pa K40,000 panatsala K24,000, ndipo maola ndi 14 chifukwa anali awiri. Paola ndi K1,700 basi.

Nthawi yomweyo benchi linali lodzaza. Loweruka ndi tsiku la maukwati ndiponso la okonzekera kutchalitchi, ndipo atsikana awiri otsalawo sakanakwanitsa. M'kope ndinalemba amene anatopa kudikira n'kupita kwina: ofuna kutsuka asanu ndi mmodzi, ofuna mankhwala awiri. Tikachotsa zipangizo, anthu amenewo akanasiya K51,000 m'maola 7 ndi theka, manja aja akanatsalabe ndi nthawi ya ena. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti madzulo eni saluni anafika, kuona K40,000 itapindidwa payokha mukabati, n'kunena kuti, "Mwaona? Ntchito yeniyeni ndi imeneyi, osati timakobidi ta kutsuka." Ndinawayankha kuti, "Mayi, khalani pansi pang'ono muone kopeli, ndalama imene mukuionayo ndi yaikulu pamaso pokha." Anayang'ana tsamba limodzi n'kunena kuti tikambirana Lolemba. Vuto la eni malo ambiri ndi limenelo: amawerenga zimene zalowa, koma amene abwerera pakhomo sawaona chifukwa sasiya lisiti.

Kope lomwelo linaonetsa ntchito ina yofooka imene sitinkaiganizira, kumasula maluko akale. Timalipiritsa K2,000, ndipo mutu wolukidwa molimba umatenga maola awiri, ndiye K1,000 paola. Koma apa m'pofunika kusamala. Pafupifupi aliyense womasula amatsukanso, choncho ziwirizi ziwerengedwe pamodzi: K7,500 m'maola awiri ndi mphindi 45, paola pafupifupi K2,700. Zikudutsa mzere, ngakhale mopenekera. Kuchotsa kumasulako kungathamangitse ndi wotsuka yemwe. Chanzeru n'kukweza mtengo wake kwa amene akungomasula n'kumapita, kapena kupatsa ntchitoyo wophunzira.

Zikhadabo ndi nkhani ina. Papepala zimaoneka bwino, K10,000 kuchotsa K3,500, maola awiri, paola K3,250. Koma sabata yonse anabwera anthu awiri okha, ndipo pashelefu pali mabotolo a polishi amene auma asanafike theka. Botolo louma ndi ndalama yotayika imene iyenera kulowa m'chiwerengerocho, ndipo ikalowa phindu lija limatha. Iyi ndiye yoyenera kuchotsedwa osaumira mtima, pokhapokha patapezeka wodziwa zikhadabo woti azilipira kona yake payekha.

Maluko ang'onoang'ono sindikunena kuti afafanizidwe onse, ngakhale andikwiyitsa. Phindu la paola limalamula pamene anthu akulimbirana manja. Lachiwiri m'mawa mipando ili yokhayokha, malipiro a atsikana akuyendabe, K1,700 paola iposa kukhala chabe. Komanso magetsi akazima dilaya imakhala chidebe wamba, ndipo kuyatsa jenereta chifukwa cha mitu iwiri kumatsitsa phindu la kutsuka ndi mtengo wa petulo. Tsiku lotero kuluka ndiye kumatigwirizira. Choncho malukowa akhale a Lolemba mpaka Lachitatu, munthu achite kusungitsa malo ndi ndalama yoyambira. Wowafuna Lachisanu kapena Loweruka alipire mtengo wobweza manjawo. Ngati tikufuna K3,000 paola, maola 14 ndi K42,000, kuonjezera K16,000 ya zipangizo, mtengo ndi K58,000. Ena athawa mtengowo, ndipo palibe vuto, chifukwa mpando wawo sukhala wopanda munthu masiku amenewo.

Sabata imodzi siyokwanira kugamulirapo zonse. Kumapeto kwa mwezi anthu akalandira amafuna zina, ndipo mu Disembala maluko amachuluka, ndiye kopeli lipitirire mwezi wathunthu, manambala n'kuwerengedwanso meshi kapena mankhwala akangokwera mtengo. Lolemba eni saluni anavomera kuchotsa zikhadabo ndi kukweza kumasula kufika K4,000. Za K58,000 anati mtengowo ndi wochititsa manyazi kwa anzawo, n'kulemba K45,000 pachikwangwani. Pamenepo paola ndi K2,070, kungodutsa mzere ndi K70. Chimene ndinakwanitsa kupeza n'chakuti Loweruka malukowo asamayambidwe 1 koloko isanakwane, ndipo aziluka mtsikana mmodzi ndi wophunzira.