Momwe ndimasovera za kholo ndi mwana mu radiyoakitividadi

Ndimaphunzitsa fizika kuno ku Ulongwe, ndiye ana amene ndinawaphunzitsa kale, omwe pano ali pa yunivesite ku Tete, akabwera ku holide amandibweretsera mafunso a ekilibiriyu sekulari ndi tiranziyenti. Kholo apa ndi mtundu wa maatomu omwe akusweka, mwana ndi mtundu womwe umabadwa pa kuswekako, nawonso nkumaswekanso. Ambiri fomula analoweza bwinobwino koma ukawafunsa kuti mwanayo akukuliranji kenako nkuyamba kutsika amangoti duu. Ndiye ndilembe njira yomwe ineyo ndimayenda nayo, ndi manambala ake, mutenge kalikuleta tiyendere limodzi.

Choyamba fomula sindiyigwira ayi. Ndimalemba theka la moyo, nthawi yomwe imatenga kuti theka la maatomu lisweke, la kholo T1 ndi la mwana T2, kenako ndimaziyang'ana kaye. Kholo likakhala la moyo waufupi kuposa mwana basi palibe ekilibiriyu iliyonse, kholo limatha mwana nkutsala yekha. Likakhala lalitali koma osati mopitirira, mwina kakhumi, imeneyo ndi tiranziyenti. Likatalika kambirimbiri moti nthawi yonse yomwe mukuyeza silikuoneka kuti likuchepa, ndi sekulari.

Chifukwa chake zimafika polingana nchosavuta. Ganizani ndowa yobooka pansi yomwe mwaitchera pa mpopi: madzi akamakwera nawonso odontha amachuluka, mpaka otuluka afanane ndi olowa. Mwana amabadwa pa liwiro lomwe kholo likusweka, ndipo iye amasweka mochuluka akamachuluka.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi jenereta ya m'zipatala zomwe zimajambula mkati mwa thupi ndi mankhwala a nyukiliya. Kholo ndi Mo-99, theka la moyo pafupifupi maola 66, mwana ndi Tc-99m, maola 6. Kholo limakhala litamatirira pa alumina mu kachubu, akathiramo madzi a mchere mwana yekha ndiye amatuluka, ndiko kukama jeneretako. Tiyerekeze kuti angokama kumene, mwana ali pa 0, kholo lili ndi 100 GBq.

Ndimayamba ndi liwiro la kusweka, λ = 0,693/T. Ya kholo ikutuluka 0,0105 pa ola, ya mwana 0,1155 pa ola. Kenako fomula ya Bateman, momwe A1 ndi akitividadi ya kholo, kutanthauza maatomu osweka pa sekondi, ndipo A2 ndi ya mwana:

```
A2(t) = b · A1(0) · λ2/(λ2 − λ1) · (e^(−λ1·t) − e^(−λ2·t))
```

Gawo la λ2/(λ2 − λ1) musavutike nalo, ndi chimodzimodzi T1/(T1 − T2), ndiye 66/60 = 1,1. Ka b kajako ndi komwe ana ambiri amakasiya. Si Mo-99 yense amene amasanduka Tc-99m, ndi pafupifupi 87 pa 100, wotsalayo amapita molunjika ku Tc-99 osadutsa pa mwana amene tikumufunayo. Ndiye b = 0,87.

Pa maola 6: e^(−0,063) ndi 0,939, ya mwana ndi 0,5 poti ndi theka la moyo limodzi ndendende, kuchotsera kutsala 0,439, kuchulukitsa ndi 1,1 ndi 0,87 ndi 100 tikupeza 42 GBq. Pa maola 12 ndi 60. Pa maola 24 ndi 68, kholo lili pa 78. Pa maola 48 mwana watsika, ali pa 57, kholo pa 60. Apa ndimawauza anawo kuti ayime kaye ayang'ane manambalawo, chifukwa nkhani yonse ili pompano: mwana anathamanga maola oyamba, anafika pamwamba, kenako wayamba kutsika koma sakutsika ndi maola ake 6 aja, akutsika pang'onopang'ono ndi maola 66 a kholo lake. Mu fomula zikuoneka poyera, e^(−λ2·t) imazimirira msanga, pa maola 48 yatsala 0,004 yokha, ndiye chomwe chatsala kulamulira ndi e^(−λ1·t). Kuyambira pamenepo A2/A1 imakhazikika pa 1,1 × 0,87, pafupifupi 0,96.

Mabuku ambiri amajambula mzere wa mwana ukudutsa pamwamba pa wa kholo, ndipo nzoona mu tiranziyenti b akakhala 1, apa zikanakhala 1,1. Koma pa jenereta yeniyeni mwana amatsala pansi pang'ono chifukwa cha 0,87 ija. Ine ndimaona kuti mphunzitsi akuyenera kunena zimenezi momveka, apo ayi mwana wa sukulu akapeza 0,96 amafufuta yankho labwinobwino poganiza kuti walakwa.

Nthawi yomwe mwana amafika pamwamba ndimaipeza chonchi:

```
t_max = ln(λ2/λ1) / (λ2 − λ1)
```

ln 11 ndi 2,398, kugawa ndi 0,105, maola pafupifupi 23. Nchifukwa chake kukama kamodzi patsiku m'mawa kumayenda bwino, kudikira masiku awiri sikukuwonjezerani kanthu, 68 uja amasanduka 57. Ndipo ndili ndi kanjira kotsimikizira: pamwamba penipenipo obadwa ndi osweka amafanana, ndiye A2 iyenera kufanana ndi b × A1. Kholo pa nthawiyo lili pa 78,7, kuchulukitsa ndi 0,87 ndi 68,5. Zikagwirizana ndi zomwe fomula yaikulu yapereka ndimadziwa kuti sindinaphonye pa kalikuleta.

Sekulari imatuluka mu fomula yomweyi, simufunika kuloweza ina. Tengani radiyamu Ra-226, zaka 1600, ndi mwana wake radoni Rn-222, masiku 3,8. T1/(T1 − T2) apa ndi 1 basi, ndipo kholo mwezi wonse silisuntha, ndiye kutsala A2 = A1 · (1 − e^(−λ2·t)). Masiku 3,8 mwana ali pa theka la kholo, masiku 7,6 pa 75 pa 100, masiku 27 omwe ndi matheka 7 wadutsa 99 pa 100, kenako amangokhala pompo osatsikanso.

Izi si za pa bolodi chabe. Munthu akafuna kudziwa radiyamu yemwe ali mu dothi kapena mu phulusa la malasha ngati aku Moatize, amaika mu kabotolo, kumata pakamwa kuti mpweya usatuluke, nkudikira pafupifupi mwezi. Akatero amayeza gama wa zidzukulu, Pb-214 pa 352 keV ndi Bi-214 pa 609 keV, omwe amoyo wa mphindi zochepa moti amangotsatira radoni. Radoni ndi mpweya, ndiye kabotolo kakakhala kosamata bwino amathawa, zidzukulu zimachepa, ndipo radiyamu amaoneka wochepa kuposa momwe alili. Kudziwa kwake nkuyeza kangapo pamasiku osiyana. Ngati nambala ikukwerabe ndiye kuti simunadikire mokwanira, ngati yaima koma kabotolo kena ka dothi lomwelo komata bwino kakupereka zambiri, koyambako kakudontha.

Pomwe ndimatsindika kwambiri mpaka ana amatopa nane ndi apa: mu sekulari chomwe chimafanana ndi akitividadi, maatomu osweka pa sekondi, osati kuchuluka kwa maatomuwo. λ1·N1 = λ2·N2, ndiye N1/N2 = T1/T2. Zaka 1600 ndi masiku 584 000, kugawa ndi 3,8, atomu imodzi ya radoni pa maatomu a radiyamu oposa 150 000. Ndipo musaiwale kusandutsa zaka zikhale masiku musanagawe, polova iliyonse ndimapeza wina walemba 1600/3,8.

Akandipatsa manambala okhaokha a labu osandiuza kuti ndi mtundu uti, ndimajambula ln A ndi nthawi, ndimasiya gawo loyamba lomwe mwana akukula nkuyang'ana kumapeto. Mizere iwiri ikagona chopingasa nkukumana, sekulari. Ikamatsika limodzi mpata wapakati osasintha, tiranziyenti, ndipo kutsetsereka kwa mzere wa mwanayo kumakupatsani λ1 ya kholo, osati yake.