Kadontho kosalakwa katatsala pang'ono kufufutidwa

Lolemba m'mawa tinalandira masampulo 48 a dothi kuchokera ku kalabu ina ya alimi, ndipo chimene ankafuna kudziwa ndi kuchuluka kwa fosiforasi m'minda yawo asanagule feteleza wokulitsa. Tsiku lomwelo kompyuta yolumikizidwa ku makina athu oyezera inapita kokonzetsa. Makinawo anatsala ali bwinobwino, amaonetsa manambala pa kasikirini kake, koma ntchito yojambula mzere wosandutsa manambalawo kukhala kuchuluka kwa fosiforasi inabwerera m'manja mwathu, ine ndi mtsikana wa atachimenti amene wakhala nafe mwezi umodzi tsopano. Dothi linabwera louma kale, choncho Lolemba lonse linathera kusinja, kusefa pa sefa ya mamilimita 2 ndi kulemba manambala pa timabotolo.

Lachiwiri ndi limene linandigoneka mochedwa.

Ife timagwiritsa ntchito njira ya Mehlich 3. Timayeza magalamu 2.5 a dothi, kuthiramo mamililita 25 a mankhwala osungunulira, kukhutchumula mphindi 5, ndi kusefa. M'madzi osefedwawo timathira mankhwala ena amene amasanduka abuluu akakumana ndi fosiforasi. Makina amawalitsa kuwala kudutsa m'madzi abuluuwo pa `882 nm` ndipo amatiuza kuchuluka kwa kuwala kumene kwamezedwa. Basi, ndi zokhazo zimene makina amadziwa. Kuti nambala imeneyi isanduke fosiforasi, timayamba tayeza masitandadi, kutanthauza madzi amene tapanga tokha ndipo tikudziwa fosiforasi amene alimo. Athu anali asanu: 0, 1, 2, 3 ndi 4, m'mamiligalamu pa lita. Amenewa ndiwo `x`. Zimene makina anawerenga ndizo `y`:

```
x:  0      1      2      3      4
y:  0.010  0.165  0.305  0.460  0.520
```

Mtsikanayo anaika timadontho tisanu pa pepala la galafu, n'kutenga lula. Anailozetsa uku, anailozetsa uko, kenaka anandifunsa kuti, "Madamu, nanga ndidutsitse pati? Ndikagwira awa, awo akutsala." Ndinamuuza kuti aike lula pansi atenge kalikyuleta. Lula imatsata diso la amene waigwira, ndipo anthu awiri pa benchi imodzi atha kupatsa mlimi mmodzi mayankho awiri.

Mzere umene timafuna ndi `y = a + bx`. Nambala `a` ndi pamene mzere ukuyambira pomwe palibe fosiforasi, ndipo `b` ndi kupendekeka kwake. Pa kadontho kalikonse pamakhala kampata pakati pa zimene makina anawerenga ndi zimene mzere ukunena. Ife timati chotsalira. Njira ya masikweya ochepetsetsa, imene Legendre anaisindikiza mu 1805 ndipo Gauss anaisindikizanso mu 1809, imati uchulukitse chotsalira chilichonse ndi icho chomwe, uphatikize zonse, ndipo usankhe `a` ndi `b` amene akuchepetsa chiphatikizocho kuposa ena onse. Sufunika kuyesa mizere mmodzimmodzi. Masamu amakufikitsa pa maikweshoni awiri amene m'kalasi amawatchula kuti nomo ikweshoni:

```
n·a  + (Σx)·b  = Σy
(Σx)·a + (Σx²)·b = Σxy
```

Apa `n` ndi chiwerengero cha timadontho, ndipo `Σ` akutanthauza kuphatikiza zonse. Chimene chimatsala ndi kudzaza manambala asanu. Timadontho tilipo 5. Ma `x` akaphatikizidwa ndi 10, masikweya awo ndi 30. Ma `y` anakwana 1.460, ndipo atachulukitsa `x` aliyense ndi `y` wake n'kuphatikiza anapeza 4.235. Analemba motere:

```
 5a + 10b = 1.460
10a + 30b = 4.235
```

Atachulukitsa ya pamwamba ndi 2 n'kuichotsa pa ya pansi, `a` anazimirira, panatsala `10b = 1.315`. Choncho `b = 0.1315`, ndipo pobwerera ku ya pamwamba, `a = 0.029`. Sanalakwitse paliponse, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti wakondwa. Ine mtima sunakhale pansi. Sitandadi ya 0 inawerenga 0.010, koma mzere unkayambira pa 0.029, pafupifupi katatu. Ndinamuuza kuti asanakhudze sampulo ya mlimi aliyense, awerengetse zotsalira zonse zisanu. Zinatuluka chonchi:

```
-0.019  +0.0045  +0.013  +0.0365  -0.035
```

Pa makina athu ndinazolowera zotsalira zosapitirira 0.005 kapena chapomwepo, zosakanikirana, china pamwamba china pansi. Izi zinkakwera pang'onopang'ono kenaka n'kugwa kamodzin'kamodzi. Iye anaona kuti chachikulu kuposa zonse chili pa sitandadi ya 3, ndipo anati, "Madamu, yolakwika ndi iyi, tiichotse."

Apa ndi pamene ndinakoka mpando. Maganizo akewo ndi amene ambiri timayamba nawo, ndipo ndi oopsa, chifukwa sitandadi ya 3 inalibe mlandu. Ndinamuuza kuti aiwale kaye mzere, angoona mmene `y` akukwerera kuchoka pa sitandadi ina kufika pa inzake. Anapeza 0.155, kenaka 0.140, kenaka 0.155, kenaka 0.060. Masitepe atatu ofanana, lachinayi lalifupi. Wopunthwa anali wa 4.

Nanga bwanji chotsalira chake sichinali chachikulu kuposa zonse? Chifukwa kadontho ka kumapeto kali ndi mphamvu yokoka mzere. Mzere wa njira imeneyi nthawi zonse umadutsa pa avareji ya `x` ndi avareji ya `y`, ndipo umakhala ngati thabwa limene ana amaseweretsa atalitsamiritsa pa chipika: wokhala kunsonga amalipendeketsa kwambiri kuposa wokhala pafupi ndi chipikacho. Kadontho ka 4 katatsika, kanatsitsa nsonga ya mzere n'kudzibisa, mbali inayo inakwera kufika pa 0.029, ndipo kadontho ka 3, kamene kanali pamalo pake, kanatsala m'malere ngati kolakwa. Kuchulukitsa chotsalira ndi icho chomwe kumawonjezera vutoli, popeza kampata kakakula kawiri, chilango chake chimakula kanayi, ndiye mzere umalolera kusiya anayi abwino pang'ono kuti uyandikire mmodzi wosochera.

Sindilola kufufuta kadontho chifukwa chongoti kakuipitsa mzere. Tinapanganso sitandadi ya 4 nthawi yomweyo ndi mankhwala omwewo, ine ndikuyang'ana. Pokoka madzi ndi pipeti, ankatulutsa nsonga yake msanga, ndipo kathovu ka mpweya kankalowa. Ndikukhulupirira kuti ndi zimene zinachitika poyamba paja. Atakoka modekha, makina anawerenga 0.610.

Kumanzere kwa maikweshoni sikunasinthe, chifukwa kumadalira ma `x` okha. Kumanja kunakhala 1.550 ndi 4.595. Tsopano `10b = 1.495`, ndiye `b = 0.1495` ndipo `a = 0.011`. Zotsalira zinakhala -0.001, +0.0045, -0.005, +0.0005 ndi +0.001. Taonaninso mphamvu ija: kadontho kanakwera ndi 0.090, ndipo mzere pa malo amenewo unakatsatira ndi 0.054, kuchoka pa 0.555 kufika pa 0.609. Magawo asanu ndi limodzi pa khumi a kulakwitsa kuja anali atamezedwa ndi mzere.

Kwa mlimi kusiyanaku kumaoneka. Sampulo ina inawerenga 0.550. Timachotsa `a`, kugawa ndi `b`, kenaka kuchulukitsa ndi 10 chifukwa cha magalamu 2.5 m'mamililita 25 aja. Mzere wabwino unapereka mamiligalamu 36 pa kilogalamu ya dothi. Wolakwika uja ukanapereka pafupifupi 40. Ndipo kulakwako kukanalowa pafupifupi m'masampulo onse a tsikulo, osati imodzi.

Lachitatu ntchito inachepa, choncho ndinamubwezera ku maikweshoni aja, chifukwa sindifuna kuti aziwaloweza ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Ndinamuuza kuti aphatikize zotsalira zisanu za mzere wabwino. Anapeza 0. Kenaka achulukitse chilichonse ndi `x` wake aphatikize. Anapezanso 0. Maikweshoni awiriwa akunena zimenezi basi. Yoyamba ikuti mzere sungapindule pokwezedwa kapena kutsitsidwa wonse, yachiwiri ikuti sungapindule popendeketsedwa. Kenaka ndinamuuza kuti achite chimodzimodzi ndi zotsalira za mzere wolakwika. Anadabwa kupezanso 0 ndi 0. Ndicho chifukwa mayeso amenewa amangotsimikiza kuti kalikyuleta waidina bwino. Za pipeti sanena kanthu. Ngakhale `R²`, nambala imene imayandikira 1 mzere ukagwira bwino timadontho ndipo ambiri amaithamangira, inali 0.982 pa mzere wolakwika. Wosazolowera angaone ngati ndi yabwino, pomwe wokonzedwa uja unali pa 0.9998.

Anandifunsanso chifukwa chimene sitingopangira masitandadi asanu ofanana, oyandikira mlingo umene timayembekeza. Ndinamulozera nambala imene imakhala pansi ukamathetsa maikweshoniwa, `n·Σx² − (Σx)²`. Kwa ife ndi 150 kuchotsa 100, kutsala 50. Ma `x` onse akakhala ofanana imakhala 0, ndipo `b` sapezeka n'komwe. Akakhala ongoyandikana imakhala yaing'ono, ndipo kalakwitso kochepa ka makina kamagwedeza `b` kwambiri. Thabwa limafuna pogwira potalikirana.

Lachinayi tinapanga masitandadi atsopano, popeza mzere wa dzana sugwira ntchito lero, ndipo tinapeza `a = 0.012` ndi `b = 0.148`. Tinabwereza sampulo imodzi imene Lachiwiri tinaiika pambali chifukwa inali yabuluu wakuda. Pa fomu panalembedwa kuti inatengedwa m'dimba loyandikana ndi khola. Inawerenga 1.240, kutali ndi sitandadi yathu yomaliza. Kalikyuleta sikana, imapereka 8.3 ndithu. Koma kumtunda kumeneko tilibe kadontho n'kamodzi komwe, ndipo madzi akada kwambiri, kuwerenga kwa makina sikukweranso mofanana ndi fosiforasi. Tinasungunula sampuloyo, gawo limodzi la sampulo ndi magawo atatu a mankhwala osungunulira, ndipo inawerenga 0.365. Pa mzere ndi 2.385, kuchulukitsa ndi 4 ndi 9.54. Pa lipoti tinalemba 95, osati 83.

Kompyuta inabwera Lachisanu masana. Iye anapempha kuti ayese manambala a Lachiwiri mu Excel. Ndinamukumbutsa kuti `SLOPE` ndi `INTERCEPT` amafuna ma `y` poyamba, ma `x` pambuyo, chifukwa ukasinthanitsa sakudandaulira, amangokupatsa mzere wina. Analemba, ndipo pa sikirini panatuluka 0.1495 ndi 0.011, monga zinalili m'kope lake. Asanatseke anawonjezera yekha kolamu ya zotsalira pambali pa ma `y`, ndipo tinagwirizana kuti izikhalamo m'fayilo yathu ya masitandadi. Malipoti 48 ndinawasaina cha m'ma 4 koloko, ndipo mlangizi wa kalabuyo adzawatenga Lolemba.