Kupala chiberekero si mathero a nkhaniyi

Amayi anzanga kuno ku Harare, mlamu wanga wa ku Mufakose wandilola kuti ndikuuzeni izi. Anali ndi pakati pa miyezi itatu, akusanza kwambiri komanso kutaya magazi akuda. Atawaunika, anapeza kuti m'chiberekero mulibe mwana. Dzira linakumana ndi umuna molakwika, ndipo zomwe zikanakhala nsengwa zinakula n'kukhala timatuza tamadzi tonga mphesa. Palibe chomwe iwo analakwitsa.

Anawapala, magazi n'kusiya. Koma adokotala anati azikayezetsa magazi milungu iwiri iliyonse, kuona chinthu cha m'magazi chomwe chimachuluka mayi akakhala ndi pakati, chomwe papepala amalemba kuti hCG. Timatuzato ndi timene timachitulutsa, choncho tikachoka tonse chimatsika mpaka kutha. Kwa alamu chinatsika bwino, kenako chinayima, n'kuyambanso kukwera, iwo osamva kupweteka paliponse. Timatuza tochepa tinali titatsalira m'khoma la chiberekero, tikukula. Izi zimachitikira amayi pafupifupi 15 pa 100 alionse amene munalibiretu mwana, ndipo osazigwira msanga zimatha kufika m'mapapo. Alamu analandira jakisoni wa mankhwala a khansa, hCG n'kutha. Pafupifupi onse oyamba msanga amachira, ambiri n'kudzaberekanso.

Ndikudziwa kuti kuyezetsa kumadya madola, koma izi zikakuchitikirani, chonde musadumphe tsiku. Ngakhale hCG itatsika, nthawi zambiri amakutsatanibe miyezi 6. Nthawi yonseyo lerani, chifukwa mimba yatsopano imakwezanso hCG, adokotala osadziwa ngati ndi mwana kapena matenda. Mukayambanso kutaya magazi, kubanika kapena kutsokomola magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.