Timizere tinayi, koma intaneti yosayenda ku Senga Bay

Sabata yapitayi inayamba ndi ntchito zachizolowezi zoika marauta m'maofesi a pa boma la Salima, koma Lachitatu ndinatumizidwa ku malo ena ogona alendo ku Senga Bay, kumene dandaulo lawo loti intaneti sikuyenda linali litatsekedwa kale ndi akuluakulu a kuofesi kwathu. Chifukwa chimene analemba n'chakuti chithunzi chimene mwini malowo anatumiza chinkaonetsa timizere tinayi ta netiweki, ngati kuti sadziwa kuti kampani iliyonse yopanga mafoni imasankha yokha mphamvu imene kamzere kalikonse kakuimira.

Nditafika ndinazimitsa Wi-Fi, ndinaika simu ya m'rauta mufoni, n'kuimba nambala yotsegulira tsamba lobisika la miyeso. Yoyambayi ndi ya iPhone, yachiwiri ndi ya Samsung:

```
*3001#12345#*
*#0011#
```

RSRP, imene imayeza mphamvu ya nsanja imene foni yagwira, inali -88 dBm. Imeneyi ndi mphamvu yokwanira, pakuti mavuto amayamba kuoneka cha m'ma -110, ndipo pofika -120 foni imakhala ili pafupi kutaya netiweki. Timizereto sitinaname pa mphamvu. Chimene sitinanene ndi SINR, imene imayerekezera mphamvuyo ndi zosokoneza zochokera kwina, ndipo imeneyi inkangozungulira pakati pa 0 ndi 2 dB pamene intaneti yoyenda bwino imafuna kuyambira 13 kupita m'mwamba. RSRQ, imene imayeza ubwino wa mafunde amene foni ikulandira, nayo inali yoipa, -17 dB, ndipo nambala ya PCI, imene imazindikiritsa selo kapena kuti chigawo cha nsanja chimene foni yagwira, inkasinthasintha ndili chiimire pamalo amodzi pakhonde, kusonyeza kuti foni inkalumpha kuchoka pa selo ina kupita pa ina.

Amene amagwira ntchito m'mbali mwa nyanja akudziwa kuti pamwamba pa madzi palibe chotchinga mafunde a wailesi, choncho nsanja zakutali zimamveka pamodzi ndi yapafupi, monga anthu olankhula nthawi imodzi pamsika. Kukanakhala kuchulukana kwa ogwiritsa ntchito, RSRQ ikanatsika makamaka madzulo, koma apa manambala anali oipa kale 9 koloko m'mawa.

Mwini malowo anati, "Achimwene, akuofesi kwanu anandiuza kuti ndigule busita." Ndinawayankha kuti, "Bambo, busita imakweza zonse pamodzi, zofunika ndi zosokoneza zomwe, ndipo ndalama yanu ingapite pachabe." M'malo mwake ndinasamutsira rauta kuseri kwa khoma la njerwa lotchinga mbali ya kunyanja. RSRP inatsika kufika -94, kutanthauza kuti mphamvu inachepa kanayi popeza 3 dB iliyonse imadula theka, koma SINR inakwera kufika 11 ndipo PCI inakhazikika. Eriyo yoloza mbali imodzi ikanakweza kuposa apo, kungoti kusitolo kwathu kulibe ngakhale imodzi.

Lachinayi ndi Lachisanu zinatha ndi kusintha zingwe zodyedwa ndi makoswe komanso kudikira mafuta a njinga yamoto. Lipoti la ku Senga Bay ndinalemba manambala ake m'mphepete mwa pepala, chifukwa fomu yathu ili ndi malo olembapo chiwerengero cha timizere basi.