K150,000 yowonjezera imene ndinatsala pang'ono kuilandira ndi manja awiri

Nditagwira ntchito yosunga mabuku a ndalama zaka zinayi pa kampani ina ku Blantyre, abwana anandiitana. Anati ndichoke pa mndandanda wa olembedwa ntchito, ndizigwira ngati woima pandekha, ndizingotumiza invoisi mwezi ukatha. Malipiro anga anali K600,000, iwo anandilonjeza K750,000. Mtima unadumpha, koma ndinapempha sabata imodzi kuti ndikaganize.

Usiku womwewo ndinakhala pansi ndi kope la mwana wanga la masamu. Ndinayamba ndi penshoni. Lamulo limakakamiza wolemba ntchito kuikapo 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5. Kwa ine gawo la abwana linali K60,000 mwezi uliwonse, ndalama imene sindinkaigwira m'manja koma inali yanga. Pa kontirakiti, imeneyo yapita, pamodzi ndi inshuwalansi ya moyo imene imayendera limodzi ndi penshoniyo.

Kenako tchuthi. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 olipidwa pa chaka. Tsiku langa linkakwana pafupifupi K27,000, ndiye masikuwo ndi K405,000 pa chaka, kapena K34,000 pa mwezi. Ndinawerengeranso ndalama imene munthu amalandira kampani ikamachepetsa antchito, yomwe ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyambirira. Inabwera cha m'ma K23,000 pa mwezi. Zitatuzi zokha zinadya K117,000 pa K150,000 ija.

Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi matenda. Wolembedwa ntchito amene watha chaka ali ndi masabata anayi a malipiro onse ndi asanu ndi atatu a theka akadwala. Ine ndikagona m'chipatala ngati woima pandekha, palibe invoisi, palibe ndalama. K33,000 yotsalayo ndiyo inayenera kulipira chipatala, intaneti, ndi laputopu ikawonongeka.

Ndinabwerera kwa abwana ndi kope lomwelo. "Bwana, pamenepa mwandichotsera, simunandiwonjezere," ndinatero. Tinakambirana kawiri, tinagwirizana K900,000, yolipidwa pasanathe masiku 14 invoisi italandiridwa. Ndinaonetsetsanso kuti papepala palembedwe kuti nthawi yogwirira ntchito ndisankha ndekha komanso ndili ndi ufulu wotumikira makampani ena. Ngati akukuuzani nthawi yofika ndi yoweruka monga kale, ndinu wolembedwa ntchito amene wangolandidwa zomuyenera.

Pa msonkho ndinapunthwa. Ndinatenga TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ku MRA, ndipo pa invoisi iliyonse kampani imadula 20 peresenti, K180,000, n'kukapereka kumeneko. Miyezi itatu yoyamba sindinapemphe satifiketi yotsimikizira zimene anadulazo, osadziwa kuti ndiyo umboni wanga powerengera msonkho wa chaka chonse. Ndinayenda maulendo anayi kuti ndizipeze. Panopa ndalama ikangolowa ndimapempha satifiketiyo tsiku lomwelo, ndipo K90,000 ndimaisamutsira ku akaunti ina ya ukalamba ndisanagule ngakhale thumba la ufa.