Supuni za siliva zayera, belu la bulasi latsala mbali imodzi

Sabata ino ndamaliza kuyeretsa supuni zakale zomwe ndinagula kwa wogulitsa ziwiya pa Luchenza. Kuseri kwa chogwirira chake kuli zilembo zakuti EPNS, kusonyeza kuti siliva anangokutidwa pamwamba mopyapyala kwambiri ndipo m'kati muli chitsulo china. Chifukwa cha zimenezi sindinayandikize phulusa, mchenga kapena waya wokwechera mapoto. Zinthuzi zimayeretsa mochita kupala, ndipo siliva amene wapalika sabwereranso. Supuni ina inabwera ili ndi banga lotuwa moderako kuchikasu pamimba pake, pamene mwini wake woyamba ankakwecha, ndipo pamenepo ngakhale mutapukuta chotani sipangawale ngati siliva.

Kuda kwa siliva kumabwera iye akakumana ndi sulufule wa mumpweya, m'mazira kapena m'mphira, ndipo chinyezi cha chiperoni cha kuno ku Thyolo chimafulumizitsa zimenezi. Ndinayala pepala la aluminiyamu m'beseni, ndinathira lita imodzi ya madzi otentha ndi supuni yaikulu imodzi ya soda wophikira, kenako ndinaika supunizo moti iliyonse ikhudze pepalalo. Ngati sizikukhudzana, palibe chimene chimachitika. Patapita mphindi zochepa kunamveka kafungo ka dzira lowola, chizindikiro chakuti sulufule akuchoka pa siliva. Ndinazitsukuluza ndi madzi oyera n'kuzipukuta ndi nsalu yofewa ya thonje, popeza zimatuluka zoyera koma zosanyezimira. Njirayi sindingaigwiritse ntchito pa chinthu chogobedwa maluwa, chifukwa imachotsanso kuda kwa m'mizere komwe mmisiri anasiya dala kuti maluwawo azioneka. Jiki ndiye asafike n'komwe, amadetsa siliva ndi kumudya.

Belu ndi lomwe likundichedwetsa. Maginito sanamatirire, ndiye si chitsulo wamba chongokutidwa ndi bulasi. Bulasi ndi kopa wosakaniza ndi zinki, ndipo mukamuviika nthawi yaitali m'madzi a mandimu kapena viniga, asidi amasungunula zinki wa pamwamba n'kusiya mawanga ofiirira a kopa. Choncho ndimapaka mandimu ndi kamchere pakachigawo kakang'ono, ndimapukuta isanathe mphindi imodzi, ndimatsukuluza ndi madzi a soda kuti asidi athe mphamvu, kenako ndimaumitsa bwinobwino. Mchere wotsalira m'makona umabala dzimbiri lobiriwira lomwe limakumba timaenje, ndipo pa kopa weniweni umachitanso chimodzimodzi. Mankhwala okhala ndi amoniya ndawapewa pa chogwirira chake chopyapyala, chifukwa amoniya amatha kung'ambitsa bulasi amene anapindidwa kapena kusulidwa.

Mbali yotsalayo ikayera, ndidzapaka phula la njuchi pang'ono belu lonse kuti mpweya ndi thukuta la m'manja zisamafike pachitsulo, ndipo supuni ndazikulunga kale m'nsalu ya thonje popanda kumanga ndi mphira.